Paketi ya shuga yasowa mu ofesi: kalembedwe ka sewero lalifupi loseketsa

Chaka chikamapita kumapeto, m'maofesi ambiri mumapezeka munthu amene anzake amamusenzetsa katundu amene sanapemphe. Amangomuuza kuti, "Inu mumatiseketsa pa tiyi, mutikonzereko kasewero ka pa phwando." Munthuyo amavomera, n'kusonkhanitsa anzake atatu, n'kugwirizana kuti wina akhala bwana, wina mlembi, wina mlonda. Tsiku likafika, mphindi ziwiri zoyamba anthu amagwa ndi phwete, chifukwa amene akuchita ubwanayo watengera kayendedwe ndi katsokomoledwe ka bwana weniweni. Pofika mphindi ya khumi, anthu ayamba kuyang'ana kumene kuli mpunga ndi nkhuku. Ochita sewero nawo aona kuti zinthu zazizira, koma sakudziwa potulukira. Mapeto ake wina amatola tsache n'kuyamba kuthamangitsa anzake mpaka onse atatuluka pakhomo, ndipo woyendetsa mwambo amachita kupempha kuti tiwaombere m'manja.

Kuthamangitsana ndi tsache kuja ndi chizindikiro chakuti sewero linayamba opanda amene akudziwa mawu otsekera. Anthuwo luso ali nalo, nkhani yoseketsa anali nayo, koma anayamba ulendo asanagwirizane kotsikira.

Sewero lalitali, ngati aja gulu la Kwathu lakhala likuonetsa m'maholo, lili ndi malo okwanira ukwati, mlandu, maliro ndi kukhululukirana. Kasewero ka mphindi zitatu kapena zinayi kamanyamula nthabwala imodzi basi. Chilichonse chimene chanenedwa kapena kuchitika pa siteji chimagwira ntchito yofikitsa oonera pa mawu ochepa a kumapeto. N'chifukwa chake olemba ozolowera amayamba ndi mathero. Amapeza kaye mawu otsekera, kenako n'kumabwerera m'mbuyo akudzifunsa kuti, kodi oonera ayenera kudziwa chiyani kuti mawu amenewa adzawaphe ndi kuseka? Zili ngati kutchera diwa la mbewa. Mwala, kamtengo, kachingwe ndi nyambo zonse zimaikidwa chifukwa cha kamphindi kamodzi kamene mwalawo udzagwe, ndipo kamtengo kalikonse kowonjezera kamangolepheretsa diwa kugwa.

Ubwino wa nkhani ya ku ntchito ndi wakuti theka la kufotokoza amakhala atakuchitirani kale oonera. Mukaika tebulo, munthu wa tayi atakhala kuseri kwake, wina ataima chapatali manja ali kumbuyo, aliyense wadziwa kale kuti wamkulu ndani, woopa kuchotsedwa ntchito ndani, ndi mawu ati amene sanganenedwe pamaso pa ndani. Simusowa kuwononga mphindi yathunthu pouza anthu kuti uyu ndi mwana wa malume ake a uje amene anapita ku Joni. Ku ntchito kulinso chinthu china chimene nthabwala imachikonda, ndicho ulemu wokakamiza. Wantchito wamng'ono amaona zonse, koma mwambo wa malo umamutseka pakamwa. Amati "inde bwana" pamene mumtima akunena zina, ndipo oonera amamva zonse ziwiri. Omvera wailesi ya MBC amene anakula ndi masewero monga Pamajiga ndi Sewero la Sabata Ino akudziwa kukoma kwa "inde bwana" wotuluka mokoka.

Tiyeni titenge nkhani imodzi n'kuimanga kuchokera pansi. Mu ofesi ina mwasowa paketi imodzi ya shuga wa tiyi. Ndasankha shuga dala. Ndi kanthu kakang'ono koti aliyense amakadziwa, ndipo amene anaima pa mizere ya m'masitolo shuga atasowa mu 2024 sangatsutse kuti paketi imodzi ikhoza kuyambanitsa anthu akuluakulu. Chinthu chosowacho chikakhala chachikulu, monga galimoto kapena ndalama za malipiro, nkhani imasanduka ya apolisi ndipo oonera amayamba kuda nkhawa m'malo moseka. Kuseka kumabwera pamene kanthu kochepa kakulandira ulemu wa chinthu chachikulu.

Anthu a m'sewero ndi atatu. Pali bwana, amene akufuna kuoneka kuti akulamulira. Pali mayi oona za ndalama, amene nyimbo yawo ndi yakuti ndalama kulibe. Ndiye pali amesenjala, a Phiri, munthu wachilungamo amene akungofuna kupereka uthenga umodzi n'kubwerera kukasesa. Aliyense akufuna chinthu chimodzi chotheka kuchinena m'mawu ochepa. Mukapeza kuti muli ndi munthu wachinayi amene simungathe kunena chimene akufuna, mchotseni, ngakhale ali mnzanu wapamtima amene wapempha kuti naye aonekeko. Mpatseni ntchito yonyamula tebulo.

Chiyambi chake n'chotere.

MALO: Ofesi ya bwana. Tebulo, mipando iwiri, kabati.

(A PHIRI akupukuta fumbi. Atsegula kabati ya bwana, apezamo paketi ya shuga yosatsegula. Aiyang'ana, apukusa mutu. Kunja kukumveka mawu a bwana akukalipa. A Phiri aima mwaulemu, manja kumbuyo, paketi ili m'manjamo, moti oonera akuiona. Alowa BWANA ndi MAYI GONDWE.)

BWANA: Paketi yathunthu! Yosatsegula! Mu ofesi yanga ino muli mbava.

MAYI GONDWE: Ndiye poti ndalama kulibe, bwana. Ngakhale ya mapepala.

A PHIRI: Pepani bwana, ine ndimati...

BWANA: Dikirani a Phiri. Tili pa nkhani ya katundu wa kampani.

Pofika apa sipanathe ngakhale theka la mphindi, koma oonera adziwa zinthu zinayi: chasowa n'chiyani, chili kuti, anachiiwala ndani, ndiponso kuti wochidziwayo saloledwa kuyankhula. Palibe amene waima n'kufotokoza. Kabati ya bwana yanena yokha kuti woiwala ndi bwana, ndipo kaimidwe ka ulemu ka a Phiri kabisa paketi kwa anzawo awiriwo popanda iwo kukhala ndi maganizo obisa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera. A Phiri akadabisa shugayo dala kuyambira pachiyambi, akanakhala wakuba, ndipo mathero amene tikupitako sakanagwira.

Pali njira ziwiri zochitira ndi oonera. Mukhoza kuwabisira chinsinsi n'kudzawadzidzimutsa nacho kumapeto, kapena kuwauziratu chinsinsicho kuti azionera anthu a pa siteji akuyenda mumdima. Ongoyamba kumene amakonda yoyambayo, poganiza kuti kudzidzimutsa ndiye nthabwala. Vuto lake ndi lakuti oonera amakhala mphindi zitatu osaseka, akudikira, ndipo wina wochenjera kumbuyo amakuwa kuti "ali m'kabatimo!" sewero lisanafike pakati. Njira yachiwiri imalipira pa mawu aliwonse. Bwana akati "muli mbava," holo imaseka chifukwa ikuona paketi. Akadula mawu a Phiri, imasekanso. Mwawapatsa chinsinsi chaching'ono kuti atanganidwe nacho, pamene chachikulu mwachisunga.

Pakati pa sewero ndi pamene nkhani imakwera.

BWANA: Ndikukhazikitsa komiti yofufuza. Wapampando ndine. Mlembi ndinu, mayi.

MAYI GONDWE: Nanga mamembala?

BWANA: Ife tomwe. Komiti ikachuluka anthu, zinsinsi zimatuluka.

A PHIRI: Bwana, kungoti shugayo...

BWANA: Mwamva, mayi? Nkhani yafika kale kwa amesenjala. Muno sitingakambirane.

MAYI GONDWE: Tipite m'chipinda cha misonkhano?

BWANA: Pafupi kwambiri.

MAYI GONDWE: (mokayika) Salima?

BWANA: Wakubayo akhoza kukhala ndi abale ku Salima. Mangochi. Masiku atatu.

MAYI GONDWE: (akulemba mofulumira) Mafuta, malo ogona, alawansi. Ndalama zimenezo zilipo, bwana. Zili ku thumba lina.

A PHIRI: Bwana, ine ndimangofuna kunena kuti...

BWANA: A Phiri!

Taonani mmene masitepe akukwerera. Komiti ndi yaikulu kuposa paketi. Ulendo wa kunyanja ndi waukulu kuposa komiti. Mkati mwa ulendomo mulinso timasitepe titatu: chipinda cha misonkhano, Salima, Mangochi. Ochita nthabwala m'mayiko ambiri amakonda katatu, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Koyamba oonera amangomva, kachiwiri amazindikira kuti pali kanjira, kachitatu akuyembekezera kale, ndiye mukhoza kuwapatsa zoposa zimene amayembekezera kapena kuwakhotetsa. Mukafika kachisanu, akutsogolerani ndipo ayamba kunena mawuwo limodzi nanu mwaulesi. A Phiri nawo akuyesa kuyankhula katatu kokha. Pokonzekera, wochita gawo lawo adzafuna kuwonjezera kachinayi poona kuti anthu akuseka. Mkanizeni.

Mayina a malo muwasinthe molingana ndi kumene muli. Salima kenako Mangochi zikugwira kwa anthu a ku Lilongwe, amene amadziwa kuti Salima ndi pafupi, munthu akhoza kupita m'mawa n'kubwerako madzulo, kutanthauza kuti alawansi yogonera ikhoza kuvuta. Kwa anthu a ku Mzuzu mungayambe ndi Nkhata Bay n'kuthera ku Karonga. Dzina la malo likalakwika, oonera amataya kamphindi akuwerengera mtunda, ndipo kuseka kumadutsa.

Onaninso kuti m'sewero monse mulibe mtengo wa shuga kapena kuchuluka kwa alawansi. Ndalama ya kwacha imasintha mphamvu mofulumira. Mu Novembala 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Nambala imene ikumveka yaikulu chaka chino idzamveka yachibwana pakapita zaka ziwiri, ndiponso nambala iliyonse imautsa mtsutso. Wina m'holo adzatembenukira mnzake n'kunena kuti, "Aaa, si mtengo wake umenewo," pamene inu mukunena mawu ofunika. Nambala imodzi yokha imene yaloledwa ndi ya masiku atatu, ndipo yaloledwa chifukwa ili ndi ntchito kutsogoloku.

Mayi Gondwe ali ndi kanthabwala kawo kakang'ono: anati ndalama ya mapepala kulibe, tsopano ya Mangochi yapezeka. Kameneka kamaseketsa kwambiri anthu a m'maofesi, ndipo pali chiyeso chofuna kukasandutsa mathero. Sikangakwanitse, chifukwa paketi ikadali kumbuyo kwa a Phiri ndipo oonera sangachoke asanadziwe za iyo. Funso limene munadzutsa m'mphindi yoyamba ndi limene mathero ayenera kuyankha.

Tsono tafika pamene pali ntchito yeniyeni. Mathero oyamba kubwera m'mutu ndi akuti a Phiri atulutse paketi n'kunena kuti, "Bwana, shuga uja anali m'kabati mwanu." Bwana achite manyazi, sewero lithe. Mathero amenewa ndi aukhondo, ndi achilungamo, koma ndi ofooka, chifukwa oonera akhala akudziwa zimenezi kuyambira pachiyambi. Mwawauza nkhani imene iwo anaiona ndi maso. Adzaomba m'manja mwaulemu.

Mathero achiwiri ndi abwinopo. A Phiri atulutse paketi, onse akhale chete, kenako bwana anene motsitsa mawu kuti, "A Phiri, bwezerani m'kabatimo. Mudzaipeze tikabwerako." Apa pali kukhota, ndipo anthu adzaseka. Koma bwanayu timamudziwa kale kuti ndi wokonda ulendo. Wachita zimene munthu wa mtundu wake amachita. Kukhota kwamphamvu kumachokera kwa munthu amene oonera amamukhulupirira kwambiri, amene akhala akumuchemerera mumtima kuti anene chilungamo. Munthu ameneyo ndi a Phiri. Ndiye tiwapatse chifukwa.

BWANA: Mayi, komiti imafuna mboni. Amapanga tiyi ndani muno?

MAYI GONDWE: A Phiri.

BWANA: Alembeni. Mboni yaikulu. Galimoto, chambo, alawansi ya masiku atatu, ngati tonsefe.

(A PHIRI auma. Pang'onopang'ono alowetsa paketi kunsi kwa jekete, kumsana.)

BWANA: Eya, a Phiri. Mwakhala mukundidula mawu chilowereni muno. Mumati chiyani?

A PHIRI: Ndimati, bwana... masiku atatu achepa.

(MAPETO.)

Mawu otsekerawo ndi atatu, ndipo palibe ngakhale limodzi lachilendo. "Masiku atatu" oonera awamva kawiri, koyamba potchula Mangochi, kachiwiri potchula alawansi, choncho safunika kukumbutsidwa. "Ndimati" ndi mawu omwe aja a Phiri anayamba nawo n'kudulidwa. Chatsopano ndi "achepa" basi, ndipo lili kumapeto kwenikweni. Tayesani kusintha dongosolo. A Phiri akati, "Achepa masiku atatuwo, bwana, nkhaniyi ndi yaikulu," tanthauzo ndi lomwelo, koma anthu amayamba kuseka pa liwu loyamba ndipo mawu otsalawo amamira m'phokoso. Wochita sewero amakakamizika kukweza mawu kuti amalize chiganizo chimene palibe akuchimvera, ndipo kusekako kumaduka pakati. Liwu lonyamula nthabwala likhale lomaliza kutuluka pakamwa. N'chifukwa chake ngakhale "bwana" wasunthidwa kupita kutsogolo, pamene m'mayankhulidwe a tsiku ndi tsiku a Phiri akanamaliza naye.

Tayesaninso kuwonjezera. A Phiri akapitiriza kuti, "chifukwa inenso ndikufuna ndidye nawo alawansi," mwawatenga oonera ngati ana. Chimene chimaseketsa munthu ndi kuti iye mwini walumikiza zinthu ziwiri m'mutu mwake, paketi yobisika ndi mawu aulemuwo. Mukamulumikizira, mwamulanda gawo lake. Chimodzimodzi bwana akayankha, kapena mayi Gondwe akakuwa kuti "a Phiri inu!" Pambuyo pa "achepa" pasamveke mawu ena alionse.

Mathero otere amakhala oona m'njira ina imene oyamba aja alibe. Sakunena kuti mabwana ndi oipa ndipo antchito aang'ono ndi oyera. Akunena kuti chilungamo cha a Phiri chinali cholimba mpaka pamene dzina lawo linalowa pa mndandanda. Aliyense m'holo, kuyambira woyang'anira nthambi mpaka dalaivala, amadziona pang'ono m'menemo, ndiye palibe amene akutuluka atalozedwa chala yekha. Koma sewerolo silinena zimenezi ndi pakamwa. Masewero athu ambiri, makamaka a mabungwe ofalitsa uthenga, anatizoloweretsa kuti kumapeto wina ayime kutsogolo n'kufotokoza phunziro. Pa uthenga wa katemera kapena kolera mwina n'koyenera. Pa kasewero koseketsa, phunziro lonenedwa limapha zonse zimene mwamanga.

Nanga ukhondo wa nthabwala? Ambiri amaganiza kuti ndi kungopewa zolaula. Kumeneko ndi koyambira chabe, ndipo muyeso wake ndi wodziwika: kodi mungathe kuonera mutakhala benchi imodzi ndi apongozi anu, ana anu ali kutsogolo? Izeki ndi Jakobo, omwe anali John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa Amalawi kwa zaka zambiri pa wailesi, pa kanema ndi m'maholo, ndipo mphamvu yawo inali pa kusiyana kwa anthu awiriwo: Izeki ndi nzeru zake zokhota, Jakobo akuyesa kumubweza pa mzere. Nyanga anamwalira mu 2016, Mabedi mu 2021, koma kagawidwe kawo ka ntchito kakadali phunziro kwa aliyense wolemba za anthu awiri kapena atatu. Wina ayenera kukhala wosaseka, wokhulupirira kuti nkhaniyo ndi yaikulu. M'sewero lathu bwana ndi mayi Gondwe sakudziwa kuti akuseketsa. Wochita ubwana akayamba kumwetulira kapena kutsinzinira oonera diso, komiti ya shuga imasiya kukhala yoona, ndipo zonse zimagwa.

Gawo lovuta la ukhondo ndi funso lakuti tikuseka ndani. Njira yachidule yoseketsa anthu ndiyo kupatsa amesenjala kayankhulidwe ka mtundu wina, chibwibwi, mwendo wotsimphina, kapena kuwachititsa kuthyola Chingerezi. Anthu amaseka ndithu, koma m'holo momwemo muli munthu wa mtundu umenewo, muli wachibwibwi, muli amene sukulu analekezera panjira chifukwa cha fizi. Lolemba mudzakumana nawo pakhonde. Komanso kuseka kotero kumabera mathero mphamvu. Ngati a Phiri akhala chitsiru kwa mphindi zitatu, oonera sawakhulupirira, ndipo akagwa palibe chodabwitsa. A Phiri ayenera kukhala munthu wanzeru koposa onse m'chipindamo.

Pa phwando la ku ntchito palinso msampha wa kutengera munthu weniweni. Ngati mu ofesi yanu muli amesenjala a Phiri enieni, kapena mayi a ndalama a Gondwe, sinthani mayina. Ngati bwana wanu ali ndi kachizolowezi kodziwika, monga kugogoda tebulo ndi cholembera, kukatengera kumabweretsa phwete lalikulu koposa usiku wonsewo, koma phwetelo limabwera pa mphindi yoyamba ndipo limaposa la mathero. Anthu amatsala akuyang'ana nkhope ya bwana weniweni kuti aone ngati akuseka, osati siteji. Ine ndimaona kuti n'kwabwino kusiya. Bwana wa m'sewero akhale bwana wa paliponse, ndipo oonera adzamufananitsa okha ndi amene akumufuna, mwakachetechete.

Papepala, kasewero kotere kamalembedwa monga mwaoneramu: dzina la woyankhula m'zilembo zazikulu, mawu ake, ndipo zochita zikhale m'mabulaketi. Zochitazo mulembe zokhazo zimene nkhani singayende popanda izo, monga kutsegula kabati ndi kulowetsa paketi m'jekete. Zoti akwiye, adabwe, akweze nsidze, asiyireni ochita sewero. Kutalika musayese ndi masamba. Werengani mokweza, wotchi ili patebulo, ndipo musiye mpata pamene mukuganiza kuti anthu adzaseka. Mawu a sewero la shugali mukawawerenga mothamanga satha mphindi ziwiri, koma mukaika kupukuta fumbi kwa pachiyambi, kuima kwa a Phiri ndi kuseka kwa anthu, limafika mphindi zitatu kapena zinayi. Likapitirira zisanu, yang'anani pakati. Mupeza kuti wina wawonjezera moni, mafunso a kunyumba kwacha bwanji, kapena nkhani ya mpira wa dzulo.

Ochita zisudzo athu ambiri ndi akatswiri pa kupeka mawu pomwepo, ndipo ena amaona pepala ngati goli. Palibe chifukwa chowamangira liwu lililonse. Gwirizanani kuti pakati akhoza kusewera pang'ono, koma zinthu zinayi zisasinthe: paketi ioneke pachiyambi, a Phiri adulidwe katatu, "masiku atatu" atchulidwe kawiri momveka, ndipo mawu otsekera anenedwe ndendende. Wochita ubwana akaiwala n'kunena kuti "sabata yathunthu" potchula Mangochi, a Phiri adzafika kumapeto alibe poponda.

Musanapite nalo pagulu, lionetseni kwa anthu awiri kapena atatu amene sanalimvepo, ndipo muziyang'ana nkhope zawo, osati ochita sewero. Zolakwika zimaoneka msanga. Akafunsa kumapeto kuti, "Kodi shuga uja anali kuti?" ndiye kuti a Phiri anaima moyang'ana oonera ndipo paketi inabisika; aime chammbali. Akaseka kwambiri pamene paketi ikulowa m'jekete koma mawu otsekera n'kungomwetulira, ndiye kuti wochita sewero wakokomeza kubisako, wachita kuvina nako, mpaka nthabwala yathera pomwepo. Achepetse, kukhale kwa manja okha, nkhope ili phee. Akanena okha mawu omaliza a Phiri asanawanene, mpata wa pakati pa "bwana" ndi "masiku" watalika. Kupuma kumodzi n'kokwanira. Ndipo akakhala chete kenako wina n'kunena kuti, "Ooo, ndamva tsopano," ndiye kuti mawu a alawansi ya mboni sanamveke bwino, mwina bwana anawanena atatembenukira kukhoma. Musafunse oyeserawo kuti lakoma kapena ayi, chifukwa Mmalawi sangakuuzeni pamaso kuti silinakome.

Sewero lomweli likapita pa wailesi, paketi yakumbuyo siioneka, ndiye pamafunika njira ina. A Phiri akhoza kuyamba okha akung'ung'udza kuti bwana aiwalanso shuga m'kabati, ndipo kumapeto chitseko cha kabati chimveke chikutsekedwa mwakachetechete asananene mawu awo. Pa kanema wa pa foni, wa mtundu uja anthu amatumizirana pa WhatsApp kapena kuika pa TikTok, vuto ndi nthawi: munthu akapanda kugwidwa m'masekondi oyambirira amadutsa. Kupukuta fumbi kuchoke, chithunzi choyamba chikhale dzanja likutulutsa paketi m'kabati, mawu a bwana akumveka kale. Ubwino wa kanema ndi wakuti mukhoza kudula chithunzi pa liwu lomaliza penipeni.

Pa siteji ya m'holo ya kampani kapena ya tchalitchi, kumene kulibe katani kapena magetsi ozimitsa, kudula kumeneku kuyenera kukonzedwa, apo ayi tsache lija libwerera. Njira yosavuta ndi yakuti atatuwo aume pamene ali, bwana ndi mayi Gondwe akuyang'ana a Phiri, a Phiri akuyang'ana kutsogolo mwaulemu wonse, n'kuwerenga chamumtima mpaka kasanu. Woyendetsa mwambo muuzeni pasadakhale liwu lomaliza, kuti akangomva "achepa" adikire phwete lifike pamwamba, ndiyeno alowe akuomba m'manja. Wa zoimbira naye akhale atakonzeka ndi nyimbo. Atatuwo awerame kamodzi n'kutuluka, ndipo a Phiri atuluke chobwerera m'mbuyo kapena chammbali, dzanja lili pa jekete, chifukwa paketi ya kilogalamu imodzi ikapanda kugwiridwa imatsetsereka n'kugwa pansi.